Mafunso Amene Elifala Sanawaone

Uthenga umene Elifala Kanyemba ankafuna kutumiza kwa anzake a m'kalasi sunali wautali, koma unamutengera masiku angapo. Ankaulemba pafoni, n'kuufufuta, n'kuulembanso. Kwa munthu wozolowera kuyankha moni ndi mawu awiri, kupempha anthu kuti adzakhale naye inali ntchito yolemera kuposa kukankha njinga pa zitunda za ku Msakambewa.

Anali mlangizi wa zaulimi, ndipo imvi zinali zitayamba kale. Ku ofesi kunkabwera anyamata a madigiri, iye ali ndi dipuloma yake yakalekale. N'chifukwa chake analembetsa pa koleji ina ya ku Lilongwe, m'maphunziro aja ophunzira uli kwanu. Poyambira temu ankapita kukoleji, kenako ntchito zonse zinkabwera pafoni ndi pa laputopu mpaka nthawi ya mayeso. Maphunziro ena onse anakhoza. Linatsala limodzi, la sitatisitikisi ndi mashini leningi. Mbali yoyamba inali ya ziwerengero: kupeza avereji, kuona m'mene manambala amwazikira, kuyesa ngati kusiyana kwa zokolola za minda iwiri n'kwenikweni kapena kwangochitika. Mbali yachiwiri inali yophunzitsa kompyuta ndi deta yakale kuti izilosera zinthu zimene sinazione. Phunziro limeneli analephera m'mwezi wa Meyi. Lamulo la kolejiyo linali lakuti ukalephera kawiri phunziro limodzi, akuchotsa. Mayeso obwereza anali mu Novembala.

Kale sankasowa womuthandiza. Madzulo akaweruka ankakhala pakhonde, mkazi wake Faines atagwira buku. Faines sukulu analekezera Fomu 2, ndipo za m'bukumo sankazimva, koma Chingerezi ankawerenga ndithu, pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere. Ankatsegula paliponse pamene wafuna, n'kufunsa funso, n'kutembenuzira kumapeto kwa buku kumene kunali mayankho.

"Mwalakwa, bambo a Eveline," ankatero, mokondwa ngati wapeza ndalama panjira. "Yambiraninso."

Faines anamwalira mu Febuluwale, chimanga chikumasula. Kuyambira pamenepo Elifala ankadzifunsa yekha. Ankayambira funso loyamba mpaka lomaliza, n'kubwereranso, mpaka ankati akangoona mawu oyamba yankho labwera kale. Pakhonde ankakhoza zonse. M'chipinda cha mayeso anapeza mafunso ovala zovala zina, ndipo sanawazindikire.

Tsiku lina masana anakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki inkagwira, n'kutumiza uthengawo pa gulu la Watsapu la kalasi yawo.

"Anzanga nonse, moni. Ndine Kanyemba, wa ku Msakambewa. Ndikubwereza phunziroli. Ndikupempha kuti amene tili mbali ya Dowa, Ntchisi, Mponela, Madisi ndi Mvera tizikumana Loweruka lililonse m'mawa mpaka masana, kufikira mayeso. Malo ndapeza: kalasi ya Sitandade 8 pa pulayimale ya pafupi ndi msika pa boma pa Dowa. Ahedi alola, ndipo magetsi alipo. Mlungu uliwonse titenge mutu umodzi umene aphunzitsi apereka. Mmodzi azifotokoza, mosinthana. Tikatero tizifunsana mafunso, buku lili chotseka. Pomaliza tiziyesa kulemba mapulogalamu a Payithoni pa laputopu, koma asayimenti aliyense azilemba yake. Loweruka likudzali ndiyamba ndine, za avereji ndi kumwazika kwa manambala. Ndekha zikundikanika. Zikomo."

Chiganizo chachiwiri kuchokera kumapeto ndicho chinamutengera masiku onse aja.

Asanatsike pachulupo mayankho anayamba kulowa. Zala zazikulu zoloza kumwamba, manja opemphera, kamoto. Caleb, mtsogoleri wa kalasi, mnyamata wogwira ntchito ku banki ku Lilongwe, analemba kuti, "Madala atulukira! Chilengezo cha kutchalitchi chenicheni, kwangotsala nyimbo ya chopereka. Koma nzeru yabwino, madala. Akumpotonu pitani." Ena analemba kuti, "Zabwino zedi, bambo." Panalibe amene anakana. Elifala anatsika, nakatulutsa choko chimene ankaphunzitsira alimi.

Loweruka analawira. Mphepo ya mu Julayi inkalowa m'khosi mwa jekete, ndipo pa zitunda zina ankatsika n'kumakankha njinga, laputopu itakulungidwa m'nsalu ya Faines pakaliyala. Atafika anasesa kalasi, anakonza madesiki asanu ndi limodzi moyang'anizana, nalemba pabolodi zokolola za minda isanu. Kenako analemba pagulu mawu amodzi: "Ndafika."

Panja ana ankasewera mpira wachikulunga. Mayi wogulitsa mbatata yootcha anasuzumira pawindo, n'kupitirira. Foni inalira kawiri. Wa ku Mvera anati kuli maliro. Wa ku Madisi anati abwana amuitana. Enawo anangoti zii. Dzuwa litafika pamutu Elifala anafotokozera madesiki aja mutu wonse monong'ona, popeza anali ataukonzekera, kenako anafufuta bolodi, anabweza makiyi, napalasa ulendo wa kumudzi.

Loweruka lotsatira anachita chimodzimodzi. Analembanso mawu aja, ndipo sanaonjezerepo dandaulo.

Tsikulo, atangoyamba kufotokozera madesiki, panja panaima njinga yamoto ya kabaza. Analowa mtsikana wamfupi, fumbi lofiira lili m'nsidze, chikwama kumsana.

"Odi! Pano ndi pa yunivesite ya Dowa? Ine ndimayesa ndipeza anthu ataima m'mawindo." Anayang'ana madesiki opanda anthuwo. "Aa. Ndinu nokha, bambo?"

"Eya."

"Ndine Priscilla Nkhambule, wa ku Ntchisi. Ndine kalaliki wa ziwerengero pa kachipatala kena kumapiri uko. Mlungu watha ndinachita manyazi, ndinkati kudzaza akatswiri. Lero nditaona mwalembanso 'ndafika' ndinati ayi, bambo awa akuoneka kuti sagonja, tiyeni tikawaone."

"Khalani," anatero Elifala.

Priscilla anali wa pakamwa potentha, ndipo zala zake pa laputopu zinkathamanga ngati nkhuku zikutola mapira. Koma za pabolodi zinkamuzunguza. Elifala anamulembera minda isanu ija: inayi ya matumba khumi khumi, umodzi wa mlimi wolemera wa matumba zana.

"Avereji?"

Priscilla anawerengera. "Twente eyiti."

"Ndani mwa anayiwa anakolola twente eyiti?"

"Palibe."

"Ndandalikani kuyambira ochepa. Wapakati?"

"Khumi." Anamenya desiki. "Ndiye midiyani ija ntchito yake ndi imeneyi! Aphunzitsi aja anangoti ndi nambala yapakati, basi, n'kudumphira kwina. Bambo, mukanakhala mumayankhula mukanakhala pulofesa."

Pobwerera Elifala anapezeka kuti wakwera chitunda china osatsika panjinga.

Mlungu wotsatira inali nthawi ya Priscilla. Aphunzitsi anali atapereka deta ya minda mazana angapo, ya mvula, fetereza, tsiku lodzala, ndi zoti munda unakolola bwino kapena ayi. Ntchito inali yophunzitsa modelo, kapulogalamu kolosera, kuti izinena ngati munda ukolole bwino. Elifala anatembenuzira laputopu yake kwa mtsikanayo mosabisa kunyada. Modelo yake inali ya mtundu uja wofunsa mafunso motsatizana ngati nthambi za mtengo, ndipo inakhoza minda yonse, handiredi pa handiredi.

Priscilla anayang'anitsitsa. "Mwaiyesa pa deta iti?"

"Yomweyo."

"Imene mwaiphunzitsira? Bambo inu! Ndiye kumupatsa mwana pepala la mayeso dzulo lake kumeneko. Dikirani."

Analemba mzere umodzi wogawa minda ija mosasankha: magawo anayi ophunzitsira, gawo lachisanu lobisa. Anaphunzitsa modelo pa anayiwo, naiyesa pa lobisa lija. Pa sikirini panatuluka sikisite folo.

"Mwaona? Yanu ija sinaphunzire kanthu, inangoloweza munda uliwonse. Mwaileka imere nthambi mpaka munda uliwonse uli ndi kanthambi kake. Ovafiting'i imeneyo. Tiidulire." Anachepetsa kuya kwa nthambi. Pa minda yophunzitsira inatsika, koma pa yobisa ija inakwera kupitirira sevente. "Koma tisamangobwerera kwa obisawa tikasintha kanthu kalikonse. Mukawasuzumira kawirikawiri nawonso atha ntchito. Amenewa n'ngoyesera komaliza."

Elifala anayang'anitsitsa buku lake lakuthaitha m'makona.

"Mwakhumudwa, bambo?"

"Ayi. Tsekani laputopu. Mundifunse."

Priscilla anamufunsa za m'mutu mwake, zosakhala m'buku. Analakwa zambiri. Tsiku limenelo anabwerera kumudzi atapepukidwa kuposa masiku onse chimwalirire Faines.

Ogasiti anabwera ndi mphepo yake. Kamvuluvulu ankalowa m'kalasi n'kumwaza mapepala, fumbi n'kudzaza pa makiyi a laputopu. Elifala anayamba kutseka chitseko, n'kuchitsamiritsa mwala. Sanaganize china. Sanaganizenso china pamene anatapa mtedza m'thumba, n'kudzaza jumbo, kuti akamupatse Priscilla, amene ankalipira kabaza mlungu uliwonse osadandaula.

Koma mudzi umene Elifala ankakhala sunali wakwawo. Kwawo kunali kufupi ndi Madisi. Kuno anabwera kudzakwatira, mkamwini, ndipo nyumba, munda ndi ana zinali mbali ya kuchikazi. Chiliza cha Faines chinali chisanamangidwe, ndipo akuchikazi anali asanamusudzule, kumuuza pamaso pa ankhoswe kuti maliro atha, tsopano ndi mfulu. Kufikira tsiku limenelo anali mwamuna wa Faines. Mtedzawo anadzala ndi Faines mwiniwake mu Disembala, atayamba kale kutsokomola. Lusiya, mng'ono wake wa malemuyo, anaona jumbo ija ikumangidwa pakaliyala. Za chitseko anamva kwa anyamata a kabaza, amene amadziwa aliyense kumene watsikira.

Madzulo ena dzuwa likupendeka kunabwera a Gideoni, mlongo wake wamkulu wa Faines, mwini mbumba. Anali mlimi wa fodya, wamtali, wa mawu aakulu, ndipo nkhope yake pakamwa ndi pachibwano inali ya Faines yeniyeni. Anakhala pa mpando umene unali pakhonde, wa Faines uja, nayamba ndi za mitengo ya fodya, za fetereza, za mbuzi imene inathyola mwendo. Elifala ankangoti eya.

"Alamu," anatero a Gideoni pomaliza, "ndatumidwa ndi alongo anga. Akuti pa boma mwatsegulapo sukulu."

"Eya."

"Ya ana angati?"

"Tilipo awiri."

"Winayo ndi mwamuna?"

"Ayi."

"Chitseko chotseka."

"Kuli mphepo."

A Gideoni anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mphepo! Nanga mtedza wa mlongo wanga, nawonso unauluka ndi mphepo mpaka ku Ntchisi? Alamu, ine sindikukanizani kukwatira. Ndinu mwamuna, simungadziphikire mpaka kalekale. Koma dothi la pamanda paja silinaphwe n'komwe. Akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndinkawatsutsa, ndinkati osati Kanyemba. Mwandichititsa manyazi."

"Ndi sukulu," anatero Elifala.

"Basi? Mawu ake ndi omwewo?"

Mawu analipo ambiri. Analipo a buku, a pakhonde pomwepo, a chala choyenda pansi pa mzere, a m'mene nyumba imakhalira chete ukayankha funso popanda wokuuza kuti walakwa. Koma Elifala sanazolowere kudziyeretsa pamaso pa munthu. Anaona ngati akafotokoza ndiye kuti wavomera kuti pali mlandu.

"Ndi omwewo."

A Gideoni anaimirira. "Ndiye sankhani. Musiye za Lowerukazi, kapena tiitane ankhoswe, tikusudzuleni, mukapange sukulu yanuyo muli kwanu ku Madisi. Ife za kunyozetsa manda ayi."

"Loweruka ndipita."

Anapitadi. Anasesa, anakonza madesiki, analemba "Ndafika." Kabaza sinabwere. M'malo mwake foni inalira.

"Bambo, ndine Priscilla." Mawu ake anali opanda nthabwala. "Nkhani yafika kuno. Wa kabaza uja wauza apongozi anga kumsika, ndipo waithira mchere wokwanira. Amuna anga akudziwa kuti ndi bodza, anangoseka, anati mwina madalawo akufunsira ndi midiyani. Koma apongozi sakuseka. Akuti mkazi wapabanja sadzitsekera m'kalasi ndi mwamuna wofedwa. Mtedza uja andiuza kuti ndisaukazinge n'komwe."

"Pepani."

"Musapepese, simunalakwe. Mwina chitseko chija. Ine ndemwe sindinaganize." Anapuma. "Patakhala munthu wachitatu ndikhoza kumabwera, atero amuna anga. Aliyense, bola munthu. Alembereninso anzathu aja. Muwauze chifukwa chake."

"Ndilemba."

"Ndakutumizirani kanthu ndi minibasi ya ku Mponela, akasiya kwa ahedi. Ndi mafunso, ndinawatenga kwa msuweni wanga amene anaphunzira ku koleji ina. Osankha yankho, mayankho ali kumbuyo. Sindinawaonetse munthu."

Madzulo ake anakwera pachulu. Analemba kuti, "Anzanga, za Loweruka zikupitirira. Tikusowa munthu mmodzi." Chifukwa chake sanalembe. Dzina la mkazi wa mwini silikanayenda pagulu la anthu makumi awiri chifukwa cha iye. Zala zoloza kumwamba zinabweranso. Caleb analemba kuti, "Madala, bwanji mungolowa yathu ya pa intaneti Lachitatu madzulo? Masiku ano sitikwera njinga pofuna sukulu." Elifala anayesadi Lachitatu limenelo, ataima pachulu. Ankamva mawu awiri, n'kuduka, n'kubwera wina akuseka, n'kudukanso. Bandulo itatha anatsika.

Mapepala aja anawapeza kwa ahedi, atalumikizidwa ndi sitepula, ali mu jumbo yomwe ija ya mtedza. Sanawatsegule. Anawaika pansi pa chikwama, nkhope yawo itayang'ana pansi. Masiku ena madzulo ankawatulutsa n'kuwayesa kulemera m'manja, chala chili pakona. Akanangowawerenga yekha, maso akanathamangira kumbuyo, ndipo pofika mawa akanakhala ngati a m'buku aja. Ankawabwezera.

Seputembala anatha. Mapiri anapsa ndi moto wa osaka mbewa, nakhala akuda, ndipo mitengo ya m'nkhalango inatulutsa masamba ofiira. Loweruka lililonse Elifala ankafika, kusesa, kulemba mawu ake amodzi aja. Pagulu anasiya kuyankha. Kumudzi Lusiya anasiya kutumiza ndiwo, ndipo amayi a pachitsime ankatsitsa mawu iye akamadutsa. Mwana wake Eveline anaimba foni kuchokera ku Kasungu kumene anakwatiwa, nafunsa mozungulira ngati zimene akumvazo n'zoona. Anamuyankha kuti ndi sukulu. Tsiku la ankhoswe akuchikazi analitchula: Lamlungu loyamba la Novembala, mlungu womwewo wa mayeso.

Loweruka lina mu Okutobala kunatentha kuyambira m'mawa. Elifala anali atatseka chitseko monga mwa masiku onse, popeza mphepo sinasiye chifukwa cha miseche. Anali pabolodi, akufotokozera madesiki za rigiresheni, m'mene umajambulira mzere wowongoka pakati pa timadontho ta fetereza ndi zokolola kuti mipata yotsala ichepe. Mwala wa pachitseko unakhuluka mwamphamvu.

A Gideoni anaima pakhomo, thukuta lili chuchuchu, chipewa m'manja. Maso awo anayenda m'kalasi monse, kuseri kwa chitseko, mpaka pansi pa tebulo la aphunzitsi.

"Mumayankhula ndi ndani?"

Elifala analoza madesiki.

"Mayi uja ali kuti?"

"Anasiya."

"Liti?"

"Mutangobwera kwathu paja."

"Ndiye milungu yonseyi mumabwera kudzatani kuno? A Lusiya akuti mumalawira m'mamawa, nsapato zopolisha." A Gideoni analowa, nayang'ana madesiki asanu ndi limodzi oyang'anizana, osesedwa bwino, pa lililonse pali kachidutswa ka choko. Mawu awo anatsika. "Mumakonzera ndani zonsezi?"

"Amene angabwere."

"Amabwera?"

"Ayi."

Anakhala pa desiki limodzi, mawondo atatulukira m'mbali. Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Alamu, inu ndinu munthu wovuta. Ng'ombe imalirako ikamva kuwawa. Mukanangonena kuti anasiya, bwenzi ine nditapsa ndi dzuwa chonchi? Ndasiya nazale ya fodya yosathirira."

Elifala anaika choko pansi. Anatsegula chikwama, natulutsa jumbo ija, naiika pa desiki la a Gideoni.

"N'chiyani?"

"Mafunso. Sindinawaone. Tsegulani paliponse, muwerenge limodzi. Mayankho ali kumbuyo. Musandionetse."

"Ine? Za makompyuta zanuzi? Ine ndinalekezera Fomu 2, Chingerezi changa n'cha pa matumba a fetereza."

"Faines nayenso."

A Gideoni anadzutsa mutu.

"Ankandigwirira buku ndi iyeyo," anatero Elifala. Anatembenukira kubolodi n'kuyamba kufufuta, ngakhale anali asanamalize mzere uja. "Madzulo alionse. Pampando munakhala paja."

Panja mpira unagunda khoma. A Gideoni anayang'ana jumbo ija. Ankakumbukira kuti akamadutsa madzulo pochokera kudimba ankawaonadi awiriwo pakhonde, mlongo wawo atagwira chibuku, ndipo ankayesa kuti ndi Baibulo. Anatulutsa mapepalawo pang'onopang'ono, ananyowetsa chala, natsegula chapakati. Anawatalikitsa ndi maso, n'kuwayandikitsanso.

Anawerenga modukizadukiza, chala chikuyenda pansi pa mzere. Funso linali la mitundu iwiri ya mbewu ya chimanga imene anaiyerekeza zokolola, n'kupeza pii valiyu ya ziro poyinti ziro firii. Kodi nambala imeneyi ikutanthauza chiyani? Anawerenga mayankho onse anayi, akupunthwa pa mawu aatali, n'kuwabwereza mokwiya ngati amulakwira.

Elifala anatsinzina. "B. Mpata woti mbewuzo n'zofanana ndi atatu pa zana."

Mapepala anachita tswatswatswa. A Gideoni anafufuza nambala ya funso kumbuyo, anaitaya, naipezanso. Ndiye pakamwa paja, pa Faines penipeni, panatambasuka.

"Mwalakwa, alamu! Ndi C."

Elifala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Msana unali kwa mlamu wake.

"Werenganinso C," anatero.

Anawerenga. Elifala analimasulira yekha m'Chichewa monong'ona. "Zitakhala kuti mbewuzo sizisiyana kwenikweni, kusiyana kotere, kapena koposa apa, kungaoneke katatu pa zana. Sikunena za mpata woti n'zofanana." Anagwedeza mutu. "Mu Meyi linalipo lotere. Ndinayankha chimodzimodzi."

"Ndiye mukanagwanso nalo," anatero a Gideoni, akutsegula kale pena. "Digiri yake imeneyi! Imani bwino, ili likuoneka lokhala ndi minga."

Anafunsa mpaka dzuwa linapendeka. Ena Elifala anakhoza, ena analakwa, ndipo akalakwa a Gideoni ankamenya desiki ndi chipewa. Atafika pakati Elifala anakweza dzanja.

"Basi. Otsalawo asungeni."

"Ndipite nawo?"

"Akakhala kwa ine ndiwasuzumira."

A Gideoni anapinda mapepalawo, nawalowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete. Anathandiza kubweza madesiki m'mizere, osapemphedwa. Ali pakhomo anaima, akuyang'ana kumsika.

"Za ankhoswe zija ndikawauza a Lusiya kuti zidikire. Munthu sasamuka ali ndi mayeso. Tidzakamba chiliza chikamangidwa. Koma mtedza uja munalakwa, alamu. Mukanapempha."

"Ndinalakwa."

"Ndipo chitsekochi muzichisiya pululu. Fumbi silinaphepo munthu."

"Loweruka mubwera?"

"Ine ndili ndi nazale, si ofesi." Anavala chipewa. "Mudzandidzere. Koma pa zitunda ndizitsika, njinga yanuyo mabuleki ake ndimawadziwa."

Anapita kukafuna minibasi. Elifala anatsala m'kalasi mopanda munthu, akukutumula choko m'manja. Anatulutsa foni, natsegula gulu lija, pamene "Ndafika" wake wa m'mawa anali yekha pansi pa wa mlungu watha. Analemba pansi pake kuti, "Loweruka likudzali tidzakhala awiri. Mutu ndi pii valiyu. Chitseko chidzakhala chotsegula."

Anadikira pang'ono. Panalibe chala chimene chinabwera. Anakulunga laputopu m'nsalu ija, anakhoma kalasi, nakasiya makiyi kwa ahedi. Ali pa chitunda choyamba, akukankha njinga, foni inanjenjemera m'thumba. Anatsamiritsa njinga pantchafu. Anali Priscilla, walemba pagulu pomwepo.

"Ndiye tilipo atatu. Winayo ndani?"

Elifala analemba kuti, "Wofunsa." Anabweza foni m'thumba, napitiriza kukankha.